Kukonza bedi la maluwa a mitundu yogwirizana chaka chonse mu Blantyre: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene akufuna bedi la maluwa looneka bwino pakhomo. Mayankho ake akutsata nyengo ndi dothi la mu Blantyre, ndipo chitsanzo chachikulu ndi bedi limodzi lotsamira mpanda wa njerwa, popeza ndi limene lili pamakomo ambiri kuyambira ku Chilomoni mpaka ku Machinjiri.

Bedi langa limakongola mu Januwale, koma pofika Meyi limakhala mapesi okhaokha. Chikulakwika n'chiyani?

Mwadzala maluwa a nyengo imodzi, ndipo mwawadzala onse tsiku limodzi. Maluwa ngati marigodi, ziniya ndi kosimosi amakhala ndi moyo wa miyezi itatu kapena inayi basi. Mukawaokera mu Disembala mvula itakhazikika, onse amasula pamodzi, onse afotanso pamodzi chakumapeto kwa Malichi.

Kuno tili ndi nyengo zitatu zosiyana kwambiri. Dzinja limayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndi mvula yamphamvu ndi chinyezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira, ndipo masiku ena chiperoni chimaphimba Soche ndi Ndirande osaoneka. Seputembala, Okutobala ndi chiyambi cha Novembala ndi dzuwa loswa mtengo ndi fumbi. Maluwa ofesa amene amakonda imodzi mwa nyengozi kawirikawiri amadana ndi ina. Petuniya amasangalala m'chisanu koma mvula ya Febuluwale imamuphwanya maluwa. Vinka amaseka dzuwa la Okutobala koma amaola mizu dothi likamangokhala madzi.

Ndiye bedi ligaweni pawiri m'maganizo mwanu. Gawo loyamba ndi zomera zokhalitsa, zimene sizizulidwa ndipo zimagwira mtundu wa bedi chaka chonse, makamaka kudzera m'masamba ake. Gawo lachiwiri ndi la maluwa osinthasintha, amene mumazula ndi kuika ena katatu pa chaka. Mitundu imene mwasankha isasinthe ayi. Chosintha ndi duwa limene likunyamula mtunduwo pa nyengo imeneyo.

Ndisankhe mitundu ingati?

Itatu ndi yokwanira pa bedi la pakhomo: umodzi waukulu, wina wothandiza, ndi wachitatu wochepa wolumikiza iwiriyo. Ine ndimawerenga motere: pa zomera khumi zilizonse zamaluwa, zisanu ndi chimodzi zikhale za mtundu waukulu, zitatu za wothandiza, chimodzi choyera. Si lamulo loti mukaliphonya ndi chomera chimodzi bedi liipa, koma limateteza kuti mitundu iwiri yamphamvu isafanane kuchuluka. Chofiira ndi chikasu zikachuluka mofanana, diso limasowa poyambira.

Pali njira ziwiri zimene sizikhumudwitsa. Yoyamba ndi kuphatikiza mitundu yoyandikana, monga chikasu, olenji ndi chofiira, kapena pinki, pepo ndi buluu. Bedi lotere limaoneka lodekha. Yachiwiri ndi kuphatikiza mitundu yotsutsana, monga pepo ndi chikasu, kapena buluu ndi olenji. Apa mtundu uliwonse umawalitsa unzake, koma m'pamene pamafunika kwambiri kuti umodzi uchuluke winawo uchepe.

Muziwerengeranso kuti chikasu ndi olenji zimaoneka zambiri kuposa mmene zilili. Marigodi asanu ndi atatu amaoneka kuchokera ku geti, pamene saliviya wabuluu wochuluka chimodzimodzi amabisala m'masamba. N'chifukwa chake buluu ndi pepo amafunika kuwirikiza.

Kodi mpanda ndi khoma la nyumba zili ndi kanthu pa nkhaniyi?

Kwambiri, ndipo ambiri ndi pamene amaphonya. Mtundu waukulu pabwalo panu si wa maluwa, ndi wa chimene chili kumbuyo kwake. Njerwa zootcha zosapaka pulasitala ndi zofiira mopita ku olenji. Dothi la katondo limene lili m'madera ambiri mu mzinda uno ndi lofiiranso. Mukaika saliviya wofiira patsogolo pa mpanda wotere, duwa limamira mu njerwa. Mukaika pinki wowala, uja wa boganiviliya, amakangana ndi njerwazo. Koma pepo, buluu, choyera ndi chikasu chowala zimatuluka bwino.

Khoma lopaka laimu kapena penti yoyera limalandira pafupifupi mtundu uliwonse kupatula maluwa oyera, amene amasowa. Mpanda wa mabuloko a simenti ndi wotuwa, ndipo umafuna mitundu yotentha: chofiira, olenji, pinki wakuda.

Kwezaninso maso muone mitengo. Ngati pafupi pali jakaranda, mu Seputembala ndi Okutobala mudzakhala ndi pepo kumwamba ndi pansi pomwe pamene maluwa ake akuyoyoka, kaya mufune kaya musafune. Ngati woyandikana nanu ali ndi poinsetiya wosuzumira pa mpanda, kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi pamenepo padzakhala pofiira. Boganiviliya naye amayaka kwambiri m'miyezi youma. Mitundu imeneyi si yanu, koma ilowa m'chithunzi cha bedi lanu, choncho iwerengereni musanagule mbande.

Bedi likhale mbali iti ya mpanda?

Blantyre ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa mzere wa ikweta. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo masana mpanda wotalika mamita 2 umaponya mthunzi wa pafupifupi mita imodzi ndi theka chakummwera kwake. Mu Disembala dzuwa limakhala pafupifupi pamutu, ndipo mthunziwo umatha.

Tanthauzo lake ndi lakuti bedi limene lili kummwera kwa khoma limapeza dzuwa lokwanira m'dzinja koma limakhala mu mthunzi chisanu chonse. Petuniya wodzalidwa pamenepo mu Epulo amangotalika ndi kuonda, maluwa awiri atatu. Bedi limene lili kumpoto kwa khoma limalandira dzuwa chaka chonse. Maluwa ambiri amene ndatchula pano amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi pa tsiku. Musaweruze malo ndi dzuwa limene mukuona pa tsiku lokumba. Pezani kumene kuli kumpoto kaye.

Tipatseni chitsanzo chenicheni, chokhala ndi miyeso ndi chiwerengero cha zomera.

Titenge bedi la mamita 6 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, lili kumpoto kwa mpanda wa njerwa zootcha, ndipo limaonedwa kuchokera pakhonde. Mitundu: pepo ndi buluu ngati mtundu waukulu, chikasu chothandiza, choyera cholumikiza.

Ndi chingwe ndi zikhomo, gawani bedi m'mizere itatu motsata mpanda. Wakumbuyo ukhale masentimita 60 m'lifupi, wapakati 60, wakutsogolo 30.

Mzere wakumbuyo ndi wa zokhalitsa. Ikani duranta awiri, uja wa masamba achikasu amene anthu amachingira nawo mabwalo, mmodzi pa mita imodzi ndi theka kuchokera kumapeto kwa bedi, wina chimodzimodzi kuchokera mbali inayo. Aziduliridwa mozungulira, osapitirira masentimita 60 m'lifupi. Amenewa ndiye chikasu chanu cha chaka chonse, maluwa alipo kapena palibe. Pakati pa awiriwo patsala mamita 2.4, ndipo pamenepo ikani zitsamba zitatu za saliviya wa ku Mexico, wa masamba otuwa ndi ngala zapepo zofewa ngati veleveti, motalikirana masentimita 80. Kumapeto konse kuwiri kwatsala mamita 1.2 mbali iliyonse, ndipo mukhoza kuika agapanthasi wabuluu atatu uku atatu uko, motalikirana masentimita 40.

Awiriwa sachita maluwa nthawi imodzi, ndipo ndicho chifukwa ndawasankha. Agapanthasi amatulutsa mitu yake yabuluu kumayambiriro kwa dzinja, cha mu Novembala mpaka Januwale. Saliviya wa ku Mexico amadikira kuti masiku ayambe kufupika, ndipo amadzaza kwambiri kuyambira cha mu Epulo kulowa m'chisanu. Wina akapuma, wina agwira.

Mzere wakutsogolo ndi wokhalitsanso. Ikani kolofaitamu, chomera chija chachifupi cha masamba aatali okhala ndi mzere woyera chimene chimabereka tiana tolendewera, motalikirana masentimita 25. Pafunika 24. Chimenechi ndi choyera chanu cha chaka chonse, ndipo chimagwira dothi la m'mphepete kuti lisakokoloke. Chilema chake ndi chakuti dzuwa la Okutobala limachiwaula nsonga ngati madzi achepa.

Mzere wapakati ndi umene umasintha. Ndi mamita 6 kuchulukitsa ndi masentimita 60, ndipo pa mtunda wa masentimita 25 pakati pa mbande umalandira pafupifupi 56. Musazimwaze imodziimodzi. Zigaweni m'magulu asanu ndi awiri a mbande zisanu ndi zitatu: magulu anayi apepo kapena abuluu, awiri achikasu, limodzi loyera.

Kaikidwe ka maguluwo n'kofunika kuposa chiwerengero. Gulu lachikasu lisakhale patsogolo pa duranta, chifukwa chikasu pa chikasu chimangosanduka chibanthu chimodzi. Patsogolo pa duranta aliyense ikani gulu lapepo. Magulu ena awiri apepo aziyenda ndi nyengo: m'dzinja, agapanthasi akuchita maluwa kumapeto, aikeni chapakati, patsogolo pa saliviya amene nthawi imeneyo ndi masamba okha. M'chisanu, saliviya atadzaza pakati, asunthireni kumapeto, ndipo achikasu ndi oyera abwere pakati kudzawala patsogolo pa pepo uja. Mukatero palibe mbali ya bedi imene imakhala yopanda mtundu waukulu.

Nanga mu mzere wapakatiwo ndiike chiyani pa nyengo iliyonse?

M'dzinja, magulu anayi akhale saliviya wabuluu wamfupi, awiri marigodi wachikasu, limodzi ziniya woyera. Onsewa amapirira mvula. Sankhani marigodi wachikasu chowala ngati ndimu, osati wa olenji kapena uja wamawanga akuda, chifukwa olenji amakokera ku mtundu wa njerwa.

M'chisanu, petuniya wapepo alowe m'malo mwa buluu, kalendula wachikasu m'malo mwa marigodi, alisamu woyera m'malo mwa ziniya. Iyi ndi nyengo imene bedi limaoneka bwino kwambiri, chifukwa kulibe mvula yophwanya maluwa ndipo dzuwa silotentha. Pa masiku a chiperoni, kunja kutachita mdima, ndi chikasu chija chimene chimadzutsa bedi.

M'chilimwe, gomfurena wapepo, uja wa timitu tozungulira touma ngati pepala, ndiye amapirira. Choyera chibwere ndi vinka, chikasu ndi gazaniya kapena potulaka.

Saliviya wabuluu kuno safa ndi chisanu. Ngati akadali wamphamvu mu Epulo, mudulireni theka ndi kusiya magulu awiri pamalo pomwe ali. Mwapulumutsa ndalama ya mbande 16.

Ndifese liti kuti pasakhale mpata pakati pa nyengo?

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa mwezi umene mukufuna maluwa. Marigodi ndi ziniya amatenga masabata asanu ndi awiri mpaka khumi kuchokera pofesa kufika pomasula. Saliviya wabuluu, petuniya ndi vinka amachedwa, amafuna masabata khumi mpaka khumi ndi awiri, nthawi zina kupitirira. Alisamu ndi wachangu, masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu.

Choncho saliviya wa dzinja afesedwe pa nazale kumayambiriro kwa Okutobala, marigodi ndi ziniya kumayambiriro kwa Novembala, onse aokeredwe mu Disembala mvula itakhazikika. Musanyengedwe ndi mvula yoyamba, chizimalupsa chimadutsa n'kusiya dzuwa lopha mbande. Petuniya afesedwe kumayambiriro kwa Malichi pamalo ofolera, chifukwa njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo dontho la mvula limazikokolola. Musazikwirire, ingozipanikizani pamwamba pa dothi lonyowa. Kalendula ndi alisamu atsatire chakumapeto kwa Malichi, onse aokeredwe pakati pa Epulo. Vinka ndi gomfurena amafuna kutentha kuti amere, ndiye afeseni mu Ogasiti pamalo ofunda, monga pakhonde loyang'ana kumpoto, aokeredwe chakumapeto kwa Seputembala.

Mpata wovuta kwambiri ndi wa Seputembala. Njira yake ndi kudulira petuniya theka chakumapeto kwa Julayi, atayamba kutalika ndi kuonetsa mapesi. Pakatha masabata atatu kapena anayi amaphukanso, ndipo amakufikitsani pamene za chilimwe zakonzeka.

Posintha, musazule magulu onse asanu ndi awiri tsiku limodzi. Zulani atatu kapena anayi amene atopa kwambiri, ikani atsopano, ndipo otsalawo muwasinthe patatha masabata awiri kapena atatu. Fesani mbande zoposa zimene mukufuna, khumi zapadera zikhale m'machubu, chifukwa nkhono ndi mbozi zodula mbande usiku sizipempha chilolezo.

Pa paketi ya mbewu palembedwa miyezi yofesera. Ndiitsate?

Onani kaye kumene paketiyo yachokera. Ya ku Ulaya ikamati fesani mu Malichi mpaka Meyi, ikunena za kutha kwa chisanu cha kumeneko. Ya ku South Africa ili pafupi ndi ife chifukwa nyengo zathu zimayendera limodzi, koma madera ambiri kumeneko amagwa chisanu choumitsa madzi, chimene mu mzinda uno sitichiona. Chimene mungatenge pa paketi ndi masiku a kameredwe, kutalika kwa chomera ndi mtunda wodzalira. Miyezi muwerenge nokha.

Ndinagula mbande zoti ndi zapepo, zitamasula zinali zapinki ndi zofiira. Ndipewe bwanji?

Gulani mbande imene yatsegula duwa limodzi, muone ndi maso anu. Amalume amene amagulitsa maluwa m'mbali mwa msewu nthawi zambiri sanama dala. Njere zawo amatola pa maluwa a chaka chatha, ndipo njuchi zinasakaniza kale mungu wa mitundu yosiyana. Ziniya ndi petuniya ndiwo amasintha kwambiri. Mbewu za haibulidi, zolembedwa F1, zimatulutsa mtundu wolonjezedwa ulendo woyamba okha. Ana ake amatuluka osiyanasiyana.

Pewaninso mapaketi a mitundu yosakaniza ngati mukutsata dongosolo. Ndipo duwa la mtundu wolakwika likamasula pakati pa gulu, lizuleni ndi dothi lake mulipatse malo kwina. Ziniya mmodzi wofiira pakati pa oyera asanu ndi awiri ndi amene aliyense adzayamba kumuona.

Zokhalitsa zilibe vuto limeneli. Duranta ndi saliviya wa ku Mexico amamera ndi zodula, agapanthasi ndi kolofaitamu amagawidwa pa tsinde, ndipo chomera chatsopano chimafanana ndendende ndi mayi wake. Mukaona kwa anzanu chili ndi mtundu umene mukufuna, pemphani nthambi.

Ndimachoka m'mawa, kubwera madzulo. Ndi mitundu iti imene ndingaione?

Funso labwino, chifukwa mtundu umasintha ndi kuwala. Dzuwa likamalowa, chofiira ndi pepo wakuda zimayamba kuzimirira, pamene choyera ndi chikasu chowala zimaonekabe mpaka mdima. Masana a Okutobala zimatembenuka: pinki wofooka ndi buluu wofooka amaoneka ngati ofwifwa, mitundu yakuya ndiyo imaima.

Ngati bedi mumaliona madzulo okha, onjezani gulu loyera likhale awiri, apepo atsike pa atatu. Ndipo siyani gazaniya ndi potulaka. Maluwa awo amatseguka dzuwa likawala, amatseka madzulo ndi pa tsiku la mitambo. Mudzamva kwa ana kuti bedi linali lokongola masana, inu n'kumapeza masamba. M'malo mwake ikani bulubini wachikasu, amene amapirira chilala, kapena dalirani duranta yekha pa chikasu cha miyezi imeneyo.

Masamba ndi obiriwira bwino koma maluwa ochepa. Ndionjeze feteleza?

Mwina ndi fetelezayo amene wachititsa. Yureya wotsala ku chimanga amakankha masamba, maluwa n'kuchepa. Kosimosi ndi marigodi ndiwo amaonetsa msanga: amatalika, tsinde lofewa, mvula ikawomba agwa. Chizindikiro ndi masamba aakulu obiriwira modera ndi mfundo zotalikirana. Ngati masamba ali otumbuluka ndipo chomera chapendekera mbali imodzi, vuto si feteleza, ndi mthunzi.

Pokonza bedi, galauzani kuya masentimita 30 ndi kusakaniza ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owolerana kapena kompositi pa sikweya mita iliyonse. Pa bedi lathu la masikweya mita 9 ndi ndowa zisanu ndi zinayi. Katondo amagwira madzi ndipo amauma gwa, choncho kwezani bedi masentimita 10 mpaka 15 kuti madzi a mvula asadikhe. Pa kusintha kulikonse onjezani theka la ndowa pa sikweya mita mu mzere wapakati. Ngati mukufuna wa m'sitolo, kadzanja kamodzi ka D kompaundi pa sikweya mita n'kokwanira. Manyowa a nkhuku aawisi amaotcha mizu.

Chinanso ndi kuthothola maluwa ofota. Chomera chikayamba kupanga njere chimaleka kutulutsa maluwa atsopano. Kamodzi pa sabata dutsani ndi sizasi, mudule mitu yofota ya marigodi, ziniya, kalendula ndi ngala za saliviya pamwamba pa masamba oyamba. Kantchito aka kamatalikitsa nyengo ya gulu ndi masabata angapo.

Gulu limodzi lafa pakati pa nyengo, bedi lapendekera mbali imodzi. Nditani?

Dziwani chapha kaye. Ziniya mu Febuluwale ndi Malichi amagwidwa ndi mawanga ndi chiwawu choyera ngati ufa pa masamba, kuyambira pansi kukwera. Zimakula mbande zikathithikana ndipo mphepo sidutsa. Vinka akafota dothi lili lonyowa, ndipo tsinde lada pafupi ndi nthaka, ndi kuola, ndipo sabwerera. Marigodi m'nyengo yotentha akachita timadontho totuwa ndi kaukonde pansi pa masamba, ndi tiakangaude tofiira. Chomera chikafa chokha mwadzidzidzi, ndipo pozula mupeza tsinde lakutidwa ndi dothi, ndi chiswe.

Zulani zodwalazo, musaziike mu kompositi. Pa malo a vinka woola musabwezeremo vinka. Njira yachangu yotsekera bowo ndi kukhala ndi miphika iwiri kapena itatu ya maluwa a mtundu wa bedi lanu kuseri kwa nyumba. Imikani mphika pa bowolo, masamba a zoyandikana aubisa, mpaka nthawi yosintha ikwane.

Madzi akavuta mu Okutobala, ndipulumutse ziti?

Bedi la masikweya mita 9 pa kutentha kumeneko limafuna pafupifupi kheni imodzi ya malita 10 pa sikweya mita tsiku lachiwiri lililonse, pothirira madzulo kapena m'mamawa. Kuphimbira ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 5 kumachepetsa kwambiri, koma usagunde tsinde chifukwa umaitana chiswe. Kuphimbirako kumathandizanso m'dzinja: maluwa oyera sathimbirira ndi matope ofiira odumpha mvula ikamagwa.

Madzi akachepa, yambani ndi mbande zongookeredwa kumene, kenako kolofaitamu. Duranta, agapanthasi ndi saliviya wa ku Mexico amene akhazikika amapirira ndi kuthirira kokwanira kamodzi pa sabata. Madzi otsukuluzira zovala angagwire ntchito pa zokhalitsa, bola asakhale ndi jiki. Zikafika poipa, lekani mzere wapakati, uphimbireni, mudikire mvula. Chikasu cha duranta, kutuwa kwa saliviya ndi mizere yoyera yakutsogolo zidzagwirabe bedi.

Bedi langa lili pansi pa mtengo wa mango. Dongosololi ligwira?

Kagawidwe ndi komweko, zomera ndi zina. Mu mthunzi dalirani masamba: koliyasi, begoniya ndi kolofaitamu, kuonjezapo impesheni woyera kapena wapinki wowala. Mitundu yakuda imasowa mu mthunzi. Mizu ya mango imalanda madzi, choncho miphika nthawi zambiri imachita bwino kuposa kukumba.

Ndingaike deliya kapena lantana poti zimapezeka zaulere?

Deliya amachita maluwa achikasu okongola mvula ikamatha, koma amatalika kuposa munthu ndipo adzameza bedi la mita imodzi ndi theka m'nyengo imodzi. Masamba ake apangeni kompositi, m'mene amathandiza kwambiri. Lantana wa m'tchire ndi chomera cholanda malo, mbalame zimamwaza njere zake paliponse, ndipo ndi poizoni ku ziweto. Msiyeni.

Ndidziwe bwanji kuti mitundu yagwirizana, osati kungodzikhutiritsa?

Imani pamene mumaonera bedi kawirikawiri, pakhonde kapena pa geti, osati pamwamba pake. Tsinzinani pang'ono mpaka maluwa asanduke zibanthu za mitundu. Ngati diso likuthamangira pamalo amodzi n'kukakamira pamenepo, mtundu wowala waunjikana mbali imodzi, ndipo pafunika kagulu kena ka mtundu womwewo mbali inayo. Ngati diso likungoyendayenda osapeza pokhala, mitundu yachuluka kapena magulu achepa kukula.

Kenako jambulani ndi foni, ndipo chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Chikatuluka chotuwa mofanana paliponse, ndiye kuti maluwa anu onse ali ndi kuwala kofanana, ndipo pakusowa choyera kapena chakuda. Chofiira ndi chobiriwira zimachita zimenezi kawirikawiri.

Jambulani pamalo omwewo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Pakutha chaka, ikani zithunzizo motsatana, ndipo mudzaona mwezi umene bedi linagwa ndi mbali imene inagwa. Ngati ndi Epulo, fesani petuniya masabata awiri msanga chaka chamawa. Ngati ndi Seputembala, chedwetsani kudulira petuniya ndi sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo onjezani gulu la bulubini pakati pa zokhalitsa.